Matayala oveka mano atsopano: amapangidwa bwanji, amayenera pati, ndipo labwino mungalidziwe bwanji?

Aliyense amene anayendapo pamsewu wa Kafue kapena wopita ku Chipata anaona zidutswa zazitali za mphira zitagona m'mbali mwa msewu. Ambiri akaziona amangoti ndi ritiredi, kutanthauza tayala lakale limene linavekedwa mano atsopano kufakitale, ndipo mlandu amaugamula pomwepo. Koma eni mathiraki akuluakulu amene amanyamula kopa, simenti ndi feteleza saleka kugula matayala omwewo, ndipo ndege zonyamula anthu zimatera pa matayala amene anavekedwa mano kangapo. Chisokonezo chimabwera chifukwa pali zinthu zitatu zosiyana zimene anthu amazitchula ndi dzina limodzi, komanso chifukwa chimene chimapha tayala nthawi zambiri sichioneka kunja. Pano tikamba makamaka za tayala la thiraki, chifukwa ndi limene ntchitoyi inakhazikikapo.

Thupi ndi mano

Tayala la thiraki lili ndi mbali ziwiri zimene sizikalamba mofanana. Kunja kuli mano, mphira yokhuthala yokhala ndi mizere imene imagunda msewu. Pansi pa mano pali thupi, limene amakaniko amalitcha kesing'i. Thupili ndi mawaya achitsulo oyalidwa kuchokera kumlomo umodzi wa tayala, pamene limagwira rimu, kukafika kumlomo wina, pamwamba pake pali malamba a waya atatu kapena anayi ozungulira tayala lonse, ndipo m'kati muli kansalu ka mphira kosalola mpweya kutuluka. Kamangidwe kameneka n'kamene chilembo R chimaimira pa nambala ngati 315/80R22.5, ndipo kampani ya Michelin inakalembetsa m'chaka cha 1946.

Mano amatha chifukwa cha msewu. Thupi limatha chifukwa cha kutentha, dzimbiri ndi zaka, ndipo likasamalidwa limakhala nthawi yaitali kuposa mano. Mbali yaikulu ya zipangizo za tayala, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ili m'thupi. Choncho tayala likasalala, chimene chatha ndi chaching'ono poyerekeza ndi chimene chatsala. Zili ngati nsapato yachikopa imene yatha kupansi: wosoka nsapato amaika soli yatsopano ngati chikopa chake chili cholimba, koma chikopa chikakhala chowola, ngakhale soli yokwera mtengo siingaithandize.

Ntchito yoveka mano inayamba kale, matayala a galimoto atangofala, ndipo inakula kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pamene mphira inasowa. Makampani a matayala amati kupanga tayala latsopano la thiraki kumadya mafuta okwana malita pafupifupi 83, pamene kuveka mano kumadya pafupifupi 26.

Zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza

Choyamba ndi tayala la salaula, logwirapo kale ntchito kudziko lina, limene limagulitsidwa momwe lilili. Palibe chimene chawonjezedwapo, ndipo mano ake ndi otsala a mwini woyamba.

Chachiwiri ndi tayala losemedwa. Munthu amatenga mpeni wotenthetsa n'kukumba mizere yakale kuti ioneke yakuya. Apa mphira siiwonjezedwa, imachotsedwa. Matayala ena a thiraki anapangidwa ndi mphira yapadera pansi pa mizere kuti asemedwe kamodzi, ndipo pakhoma lawo pamalembedwa REGROOVABLE. Tayala la galimoto yaing'ono kapena la minibasi lilibe mphira imeneyo, ndiye mpeni umafika pafupi ndi mawaya kapena kuwakhudza kumene. Tayala lotere limaoneka bwino likapakidwa polishi, koma madzi amayamba kulowa m'malamba tsiku loyamba la mvula.

Chachitatu ndiye ritiredi yeniyeni, imene imachitikira kufakitale ndi makina, ndipo mphira yatsopano imaphikidwa kuti igwirane ndi thupi lakale. Mbiri yoipa yambiri imene ritiredi ili nayo m'magalaja a mu Lusaka ndi ya ziwiri zoyambazo.

Zimene zimachitika kufakitale

Ntchito imayamba ndi kukana. Tayala likafika amaliika pamakina olitambasula milomo, n'kuliunika m'kati ndi kunja. Amafuna misomali, ming'alu, zotupa, mlomo wophwanyika pochotsa parimu, ndiponso makwinya kapena mtundu wabuluu pakansalu ka m'kati, zimene zimasonyeza kuti tayala linayendapo lopanda mpweya wokwanira n'kupsa. Mafakitale okhala ndi zida zambiri amaliika m'kabokosi kochepetsa mpweya n'kulijambula ndi kuwala kwa leza. Pamene malamba anayamba kulekana pamafufuma pang'ono kwambiri, mwakuti diso silingaone koma chithunzi chimaonetsa. Fakitale imene imalandira tayala lililonse lobwera, osabwezako ngakhale limodzi, ndi yofunika kuikayikira.

Lovomerezedwa amalipopa n'kulizunguza pamakina opala. Mano akale onse amachoka mpaka patatsala mphira yopyapyala, ya mamilimita awiri kapena kuchepera, pamwamba pa malamba. Kupala kuli ndi muyeso wake: msana wa tayala uyenera kupindika monga mmene wopanga anaukonzera, ndipo pamwamba payenera kukhala pokhakhala kuti mphira yatsopano ipeze pogwira. Akapala mothamanga mphira imapsa n'kuchita utsi, ndipo pamalo popsa sipagwira kanthu.

Kenako mmisiri amatenga kachida kam'manja n'kutsata bala lililonse limene mwala unasiya, kulikumba mpaka pamene dzimbiri lathera. Apa m'pamene pamafunika munthu woleza mtima, chifukwa waya wadzimbiri akakwiriridwa amapitiriza kudyeka m'kati. Bowo la msomali losapitirira mamilimita 10 pakati pa mano limatsekedwa ndi mphira ndi chigamba cha m'kati. Bala lalikulu limafuna chigamba cholimbitsidwa, ndipo pali malire amene akapitirira tayala limatayidwa.

Pamwamba popalidwapo amayala mphira yaiwisi yopyapyala, ya milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kansalu kameneka si guluu, ngakhale ambiri amaganiza choncho. Ndi mphira yosaphika yokhala ndi salifa, imene ikatenthedwa imalukana ndi thupi pansi ndi mano pamwamba, zonse n'kukhala chinthu chimodzi. Ndi njira yomweyo yophikira mphira imene Charles Goodyear analembetsa m'chaka cha 1844, ndipo tayala latsopano nalonso limagwirana motero.

Kuchokera apa njira zilipo ziwiri. Yofala pa mathiraki ndi imene amaitcha yozizira. Mano amabwera ophikaphika, ngati lamba wautali wokhala kale ndi mizere yake. Amamudula muyeso wa tayala, kumukulunga, kulumikiza nsonga zake, kenako tayala lonse amaliveka thumba la mphira n'kukoka mpweya kuti lamba akanikizike. Matayala ambiri amalowa pamodzi mu ng'anjo yooneka ngati thanki, mmene amakhala maola atatu kapena kuposerapo pa kutentha kwa madigiri a pakati pa 100 ndi 125, mpweya ukuwapanikiza. Dzina loti yozizira ndi longoyerekeza ndi njira inayo. Njirayi inachokera ku Germany, ndipo Roy Carver wa ku America atagula ufulu wake mu 1957 anaifalitsa ndi kampani ya Bandag, imene Bridgestone inagula mu 2007.

Njira yotentha ndi yakale kuposa imeneyi. Thupi amalikuta ndi mphira yaiwisi yokhuthala n'kuliika m'chikombole cha madigiri pafupifupi 150, ndipo chikombolecho n'chimene chimadinda mizere. Tayala limatuluka looneka ngati latsopano, popanda polumikiza. Vuto lake n'lakuti saizi iliyonse ndi mtundu uliwonse wa mano zimafuna chikombole chakechake, ndiye pamafunika ndalama zambiri, komanso thupi limalandira kutentha kochuluka. Njira zonse ziwiri zimatulutsa tayala labwino ngati thupi linali labwino.

Likatha kuphikidwa amaliunikanso, kulipaka utoto, ndipo ndi bwino lipume tsiku lathunthu lisananyamule katundu.

Nanga zidutswa za pamsewu zija?

Mukapeza mpata woima pamalo abwino, chitembenuzeni chidutswacho. Lamba wa mano amene fakitale imaika alibe waya ngakhale mmodzi. Ngati chidutswa chili ndi mawaya otuluka ngati ndevu, chimene chinalekana si mano ndi thupi ayi, ndi malamba a m'thupi momwemo, ndipo zimenezi zimachitikira tayala latsopano ndi la ritiredi mofanana. Ngati chilibe waya ndipo kunsi kwake n'kosalala, pamenepo mano anasendeka pamalo olumikizira, ndipo mlandu ndi wa fakitale: panali fumbi, chinyezi, mphira yaiwisi yokhalitsa, kapena ng'anjo sinafike pamuyeso.

Ku America boma linalipirira kafukufuku amene yunivesite ya Michigan inatulutsa mu 2008. Anatola zidutswa m'misewu ikuluikulu n'kuziyeza, ndipo anapeza kuti kuchuluka kwa za ritiredi kunkafanana ndi kuchuluka kwa matayala a ritiredi amene ali pamsewu. Zifukwa zazikulu zinali kugunda zinthu pamsewu ndi kusasamala matayala, osati kapangidwe. Misewu ya kumeneko si ya kuno, koma mmene tayala limapsera ndi chimodzimodzi kulikonse.

Tayala likamazungulira, khoma lake limapindika likafika pansi n'kuwongoka likachoka. Mpweya ukachepa kapena katundu akachuluka limapindika mopitirira, ndipo kupindikako kumabala kutentha, makamaka m'mapewa mmene malamba amathera. Mphira yogwira mawaya ikatentha kwambiri imafooka, ndipo siibwereranso mwakale ngakhale mutapopa mawa lake. Tayala la 315/80R22.5 lolembedwa 156/150L limanyamula makilogalamu 4,000 likakhala lokha, ndi 3,350 likakhala pawiri, pa mpweya wa 850 kPa kapena chapompo, ndipo liwiro lake lisapitirire makilomita 120 pa ola. Pa matayala apawiri, la m'kati likaphwa pang'onopang'ono dalaivala saona, ndiye la kunja limasenza katundu wa awiri. Onjezani kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Luangwa, kapena mabuleki otentha potsika mapiri a ku Chirundu amene amawotcha rimu ndi mlomo wa tayala, ndipo muona chifukwa chake zidutswa zimachuluka m'malo otere. Kumenya tayala ndi chitsulo n'kumvera kulira kwake kumangokuuzani ngati laphweratu. Kuti mudziwe ngati mpweya wachepa ndi gawo limodzi mwa asanu pamafunika geji, tayala lili lozizira.

Pamene amayenera ndi pamene sayenera

Malo a ritiredi ndi mawilo okoka a thiraki ndi mawilo a ngolo. Kumeneko matayala ali awiriawiri, ndipo limodzi likaphulika thiraki imakhalabe mumsewu. Thiraki ya maekiselo atatu yokoka ngolo ya maekiselo atatu imakhala ndi matayala 22, ndipo 20 mwa amenewa ali kumbuyo. Eni ambiri amagula atsopano a kutsogolo, akatha amawaveka mano okokera n'kuwabweza kumbuyo, ndipo akathanso amawaveka a ngolo. Matipa onyamula miyala ndi mchenga m'tauni, amene amatha mano msanga thupi lisanakalambe, ndi amene amapindula kwambiri, bola miyala isakhale italasa malamba.

Kutsogolo nkhani ndi ina. Wilo lililonse lili lokha, ndipo likaphulika chiwongolero chimachoka m'manja. Ku America lamulo limaletsa ritiredi pa mawilo a kutsogolo a basi, ndipo eni mathiraki ambiri padziko amatsatira mwambo womwewo ngakhale pamene lamulo silikuwakakamiza. Sikuti manowo ndi ofooka, koma thupi lakale lili ndi mbiri imene palibe amene angaidziwe yonse. Kwa basi yochoka pa Intercity kupita ku Nakonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000 ndi anthu odzaza, ndalama zopulumutsidwa pa matayala awiri sizikwanira kulipira ngoziyo.

Pa galimoto yaing'ono ndi minibasi ya Hiace phindu ndi lochepa. Thupi la matayala amenewa n'lopyapyala, silinapangidwe kuti likhale moyo wachiwiri, ndipo latsopano lotsika mtengo silisiyana kwambiri ndi mtengo woveka.

Masamu a mwini thiraki

Mitengo imasintha ndi dola, ndiye manambala awa ndi ongoyerekeza kuti njira yowerengera ioneke, ikanipo anu. Tinene kuti tayala latsopano la mtundu wodalirika ndi K6,000 ndipo limayenda makilomita 120,000. Kilomita iliyonse yadya mangwee 5. Kuveka mano thupi lanu lomwelo tinene kuti ndi K2,700 ndipo likuyenda makilomita 100,000, ndiye mangwee 2.7 pa kilomita. Mukaphatikiza miyoyo iwiriyo, K8,700 yakuyendetsani makilomita 220,000, pafupifupi mangwee 4. Ritirediyo ikangofika makilomita 54,000 yafanana kale ndi latsopano, ndipo ikafa isanafike pamenepo mwaluza.

Tsopano mwatumiza matayala asanu ndi atatu a mawilo okoka, ndipo fakitale yabweza awiri, lina chifukwa cha dzimbiri m'malamba, lina chifukwa linapsa m'kati. Asanu ndi limodzi akudyerani K16,200, awiri atsopano K12,000, zonse K28,200 m'malo mwa K48,000. Tayala lililonse lokanidwa lakuwonjezerani K3,300. Apa m'pamene zimaonekera kuti phindu la ritiredi limapangidwa tayala likadali pa thiraki. Amene amalichotsa patatsala mamilimita atatu kapena anayi a mano amabweza thupi lamoyo. Amene amalikama mpaka waya ataoneka wapeza masabata ochepa n'kutaya thupi lonse.

Pomanga, awiri atsopanowo akhale pamodzi. Matayala oyandikana asasiyane msinkhu kupitirira mamilimita 6, chifukwa lalitali limasenza katundu wambiri n'kutentha, pamene lalifupi limakhukhuzika n'kutha msanga.

Pali mpikisano wina umene masamuwa ayenera kuuona, wa matayala atsopano otsika mtengo ochokera kunja. Ngati lotere lili K3,800 ndipo likuyenda makilomita 70,000, ladya mangwee 5.4 pa kilomita, ndipo funso lalikulu n'lakuti thupi lake lidzavomerezedwa kufakitale kapena ayi. Ena mwa matayala amenewa ndi abwino ndithu, ena ayi, ndipo chokuuzani zoona ndi buku lanu lolembamo makilomita a tayala lililonse.

Kuliyeza musanalipire

Njira yotetezeka ndi kutumiza matupi anu, mutalemba nambala za pakhoma pake, n'kuonetsetsa kuti abwera omwewo. Mukagula lovekaveka, mukugula mbiri ya munthu wina.

Yambani ndi zaka. Pakhoma pali mzere woyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chimene thupi linapangidwa: 2321 ndi sabata ya 23 ya 2021. Mano atsopano sasintha tsiku limeneli. Makampani ambiri a mathiraki saveka thupi lopitirira zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo opanga matayala ambiri amati lopitirira zaka khumi lichoke pamsewu zivute zitani. Ngati manambalawo apalidwa, lisiyeni. Fakitale yodzilemekeza imaikanso dzina lake ndi tsiku loveka. Matayala ovekedwa motsatira malamulo a bungwe la United Nations amene mayiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito amalembedwa RETREAD ndipo amakhala ndi chilembo E m'kabwalo ndi nambala 109R ngati ndi a thiraki, kapena 108R ngati ndi a galimoto yaing'ono.

Kenako yang'anani m'kati ndi tochi, tayala lisanakwere parimu. Kansalu ka m'kati kakhale kosalala, kopanda makwinya kapena matuza. Zigamba zikhale zochepa, zogwira m'mbali monse, zosasanjikizana, ndipo zisakhale pafupi ndi mlomo. Yendetsani chikhatho pakhoma lonse kunja: pamene pali kutupa kapena mafunde, mawaya aduka kapena atopa, ndipo khoma lotere limatha kung'ambika nthawi imodzi popopa. N'chifukwa chake tayala la thiraki liyenera kupopedwa lili m'khola lachitsulo, munthu ataima pambali.

Pomaliza tsatani mzere umene mano akumana ndi phewa, kuzungulira mbali zonse ziwiri. Payenera kuoneka kamphira kopyapyala kamene kanasefukira mofanana, popanda mpata wolowa chikhadabo. Polumikiza nsonga za lamba pakhale potsekeka, mizere ikukumana. Ligubuduzeni pansi muone ngati mano ali pakati, osapita uku ndi uku, ndiponso ngati sakupitirira m'lifupi mwa thupi. Mufunseni wogulitsa ngati amabweza ndalama mano akasendeka, ndipo alembe palisiti.

Mafunso amene adakalipo

Pali zinthu zimene ngakhale odziwa ntchitoyi sagwirizana. Thupi limodzi livekedwe kangati? Ena amati kawiri kapena katatu ngati makina akulivomereza, ena amati pa misewu ya maenje ndi katundu wolemera kamodzi n'kokwanira, chifukwa makina saona kutopa konse kwa waya.

Lina ndi la amene ayenera kuyang'anira. Woyeza galimoto wa RTSA amaona kuya kwa mano ndi mabala a kunja, koma sangaone zimene zinachitika m'ng'anjo. Kodi chitetezo chichokere pa kuyendera mafakitale, ntchito ya mabungwe a miyezo monga ZABS ndi ZCSA, kapena pa kulanga mwini galimoto pamsewu? Ndipo tayala likaphulika n'kuvulaza munthu, mlandu ugawidwe bwanji pakati pa amene anaveka, amene anadzaza katundu, ndi amene sanayeze mpweya?

Palinso nkhani ya matayala otsika mtengo. Amathandiza mwini thiraki imodzi amene alibe K6,000 lero, koma akachuluka matupi oyenera kuvekedwa amachepa, mafakitale amasowa ntchito, ndipo milu ya matayala otayidwa, imene imasunga madzi a udzudzu ndi kuwotchedwa m'makomboni, imakula. Kodi msonkho uyenera kukondera tayala lokhalitsa, ngakhale zitatanthauza kuti wamng'onoyo alipire zambiri poyamba?